MASAMU A LAMBA NDI MAPULE A CIGAYO

Pamene magetsi afika pamudzi, eni cigayo ambiri acotsa injini ya dizilo naikapo mota. Iyi ndi nchito ya tsiku limodzi, koma zotsatira zake zikhoza kusautsa mudzi wonse kwa miyezi. Cigayo cimene cinali kugaya bwino ciyamba kutsamwa, ufa uturuka wa misere, ndipo amai amene anafika m'mamawa ndi matumba ao akhala pamzera kufikira dzuwa litapendeka. Kawirikawiri anthu aneneza mota kuti iribe mphamvu, kapena aneneza wogulitsa kuti anawanyenga. Koma nthawi zambiri colakwa ciri pa pule, ndiko kuti gudumu lija la ngalande limene lamba ayendamo. Phunziro ili lilongosola m'mene munthu apezera kukula kwa pule, utali wa lamba, ndi muyeso wa kukunga kwake, asanaturutse ndalama zogulira kanthu.

Cigayo ca citsanzo

Ciyerekezo cake ndi ici. Pali cigayo ca nyundo cimene pa kacitsulo kake wopanga analembapo 3000 RPM, ndiko kunena kuti ciyenera kuzungulira nthawi 3,000 pa mphindi imodzi. Pule yake iri ndi ngalande zinai, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 150. Kale cinali kuyenda ndi injini yozungulira 2,200 pa mphindi, yokhala ndi pule ya mamilimita 200. Tsopano mwini wake wagula mota ya makilowati 11, imene pa kacitsulo kake palembedwa 1460 RPM. Poganiza kuti cimene cinayenera injini ciyeneranso mota, iye wagula pule yina ya mamilimita 200 naiika pa mota. Cigayo calira, koma kulira kwake nkofooka, ndipo sefa itsekeka pafupipafupi.

Kuti munthu aone cifukwa cake, ayenera kuyamba wadziwa lamulo limodzi limene masamu onse a mapule atsamirapo.

Lamulo la liwiro

Lamba ndi mmodzi, ndipo sakhoza kuthamanga msanga pa pule yina ndi kucedwa pa inzake. Utali wa lamba umene pule ya mota ikoka pa mphindi imodzi ndi womwewo umene upita pa pule ya cigayo. Pule yaikuru ikazungulira kamodzi ikoka lamba wamtali, ndipo yaing'ono iyenera kuzungulira kawiri kapena katatu kuti itsirize utali womwewo. Cotero pule yaing'ono ndiyo ithamanga koposa nthawi zonse. Polemba mwacidule, kukula kwa pule ya mota kuchedwa D, liwiro la mota N, kukula kwa pule ya cigayo d, ndi liwiro la cigayo n. Lamulo liri lotere:

D × N = d × n

Kukula kumene kunenedwa pano ndi dayamita, ndiwo muyeso wocokera m'mphepete mwa pule kufika m'mphepete mwina, mopyola pakati penipeni.

Pa nthawi ya injini masamu anali otere: 200 kuculukitsa ndi 2,200, kugawa ndi 150, yankho ndi 2,933. Cigayo cinali pafupi ndi liwiro lake, ndico cifukwa cake cinali kugaya bwino. Pa mota, 200 kuculukitsa ndi 1,460, kugawa ndi 150, yankho ndi 1,947 cabe. Liwiro latsika ndi gawo limodzi la magawo atatu, koma kutayika kwa nchito kuposa pamenepo. Mphamvu imene nyundo imenya nayo njere ya cimanga ikula monga liwiro litaculukitsidwa ndi liwiro lomwelo, kotero kuti pa 1,947 nyundo imenya ndi mphamvu yosafika theka la mphamvu ya pa 3,000. Cimanga sicisweka msanga, ciunjikana m'kati, ndipo mota ilemedwa niyamba kutentha.

Kupeza pule yoyenera

Popeza liwiro lofunika lidziwika, ndi pule ya cigayo idziwikanso, cotsala ndi pule ya mota. Munthu aculukitsa 150 ndi 3,000, napeza 450,000, ndipo agawa ndi 1,460. Yankho ndi 308. Pule ya mamilimita 308 sipezeka m'sitoro, pakuti mapule apangidwa m'miyeso yoikika, ndipo yoyandikana ndi 308 ndiyo 300 ndi 315. Posankha pakati pa ziwirizi akumbukira kuti lamba wosenza katundu aterereka pang'ono ngakhale akungidwe bwino, ndipo liwiro licepa ndi gawo limodzi kapena awiri pa zana. Pule ya 300 ipatsa 2,920, ndipo kucotsapo magawo awiri pa zana patsala 2,862. Pule ya 315 ipatsa 3,066, ndipo kucotsapo magawo awiri pa zana patsala 3,005. Cotero ya 315 ndiyo yoyenera cigayo ici.

Poyesa pule pali cinthu cimodzi cimene cisokeretsa anthu. Lamba sagwira pamwamba penipeni pa pule. Iye alowa m'ngalande, ndipo nkhosi zolimba za m'kati mwake, zimene zisenza katundu, ziyenda pansi pang'ono pa mlomo wa ngalande. Muyeso wa m'masamu ndi wa pamene nkhosizo ziyenda, ndipo ndiwo umene wopanga alemba pa pule. Pa lamba wa mtundu wa B muyeso wa kunja uposa umenewu ndi mamilimita 7 kapena pafupi pamenepo. Munthu akayesa ndi rula napeza 157, adziwe kuti pule imeneyo ndi ya 150. Pa pule yaikuru kusiyana kumeneku nkocepa, koma pa yaing'ono kusintha yankho ndi magawo anai kapena asanu pa zana.

Ngozi ya liwiro lopambana

Kucedwa kwa cigayo kutayitsa ndalama, koma kuthamanga kopitirira muyeso kukhoza kutayitsa moyo. Magetsi a m'Zambia ndi a 50 Hz, ndipo pa magetsi otere mamota ambiri ogwiritsa nchito pa zigayo ali a mitundu iwiri. Ena azungulira pafupi ndi 1,450 pa mphindi, ena pafupi ndi 2,900. Poyang'ana kunja afanana ndithu, ndipo makilowati ao akhoza kukhala amodzimodzi. Mota ya 1,460 ikapsa, mwini nagula ya 2,920 osawerenga kacitsulo, naikapo pule yomweyo ya 315, cigayo cidzazungulira 6,132 pa mphindi. Mphamvu imene ikoka nyundo kuti zicoke pa mapini ao idzakula kanai, ndipo nyundo yothothoka pa liwiro lotere ikhoza kuboola citsulo ca cigayo ndi kupha munthu woima pafupi. Cifukwa cake mota iriyonse yatsopano iyenera kuwerengedwa kacitsulo kake, ndi masamu kucitidwanso, isanalumikizidwe ku magetsi.

Malire a pule ndi lamba

Wina angafunse kuti, bwanji osasiya pule ya 200 pa mota ndi kucepetsa ya cigayo kufika mamilimita 100? Masamu a liwiro abvomera, koma lamba sabvomera. Malamba a V ali m'mitundu monga mwa kukula kwa msana wao. Wa A ali ndi msana wa mamilimita 13, wa B 17, ndi wa C 22. Lamba wonenepa akapindidwa pa pule yaing'ono atentha m'kati nayamba kung'ambika kumimba. Cotero wa B sayenera kuyenda pa pule yocepera mamilimita 125, ndi wa C pa yocepera 200. Pule yaing'ono igwiranso lamba pa dera lalifupi, ndipo isenza mphamvu yocepa.

Palinso malire a mbali yina. Liwiro la lamba mwini wake lipezeka poculukitsa 3.14 ndi kukula kwa pule m'mamita, ndi liwiro la pule, ndi kugawa ndi 60. Pa citsanzo ici, 3.14 kuculukitsa ndi 0.315, kuculukitsa ndi 1,460, kugawa ndi 60, yankho ndi mamita 24 pa sekondi. Malamba wamba a A, B ndi C sayenera kupitirira mamita 30 pa sekondi, pakuti pamenepo lamba ayamba kudzikoka yekha kuturuka m'ngalande, nacepetsa kugwira kwake. Mamita 24 ali m'kati mwa malire, ndipo pule ya 315 ibvomerezeka. Iyenera kukhala ya ngalande zinai za mtundu wa B monga inzake, ndipo ngalande zonse zinai zikhale ndi malamba.

Utali wa lamba

Pule itasintha, malamba akale sakwananso. Munthu ayamba wasankha mtunda wa pakati pa shafuti ya mota ndi shafuti ya cigayo, kuyesa kucokera pakati pa yina kufika pakati pa inzake. Mtunda umenewu uchedwa C. Ukafupika kwambiri lamba akumbatira pule yaing'ono pang'ono cabe, ndipo ukatalika kwambiri lamba akupiza ngati mbendera. Mtunda wabwino uposa kukula kwa pule yaikuru, koma suposa kawiri kukula kwa mapule onse awiri pamodzi. Apa mapule awiri apanga 465, cotero mtunda ukhale pakati pa 315 ndi 930. Malo a maziko a cigayo ici alola mamilimita 700. Lamulo la utali, L, ndi ili:

L = 2C + 1.57 × (D + d) + (D − d)² ÷ 4C

Lamulo ili liri ndi zigawo zitatu, ndipo ciriconse ciri ndi tanthauzo lake. Coyamba ndi mbali ziwiri zoongoka za lamba, ndizo 700 kawiri, 1,400. Caciwiri ndi theka la kuzungulira kwa pule iriyonse, ndiko 1.57 kuculukitsa ndi 465, yankho 730. Cacitatu ndi coonjezera cacing'ono cifukwa mapule sali olingana, ndipo lamba apendeka popita ku yaing'ono. Kusiyana kwa mapule ndi 165. Kuculukitsa 165 ndi 165 kupatsa 27,225, ndipo kugawa ndi 2,800 kupatsa pafupi ndi 10. Kuphatikiza 1,400 ndi 730 ndi 10, utali wa lamba ndi mamilimita 2,140.

Kusitoro malamba ambiri alembedwa cilembo ndi nambala, monga B82 kapena B83. Nambalayo kawirikawiri ndi utali wa kumimba kwa lamba m'mainchi, pamene masamu apatsa utali wa pa nkhosi zija. Pa lamba wa B kusiyana kwake kuli pafupi ndi mamilimita 43. Tsono 2,140 kucotsapo 43 patsala 2,097, ndipo kugawa ndi 25.4 kupatsa mainchi 82.6. Lamba wapafupi ndi B83. Iye aposa utali wofunika ndi mamilimita 11, ndipo popeza mbali zoongoka ziri ziwiri, mota idzasunthira m'mbuyo theka lake, mtunda nukhala pafupi ndi 706. Opanga malamba asiyana pang'ono pa kalembedwe, cotero nkwanzeru kuuza wogulitsa utali wa 2,140 pamodzi ndi nambala.

Mota ikhale pa njanji zoilola kusuntha. Pa lamba wa utali wotere ifunika kuyandikira cigayo ndi mamilimita 30 kuti malamba alowe mosakakamiza, ndi kubwerera m'mbuyo mamilimita 40 kapena kuposapo kuti akungidwe pamene atambasuka. Wokumba mabauti a maziko osasiya malo amenewa adzakakamizika kubveka lamba ndi citsulo copanira, ndipo kutero kudula nkhosi za m'kati. Lamba wotere aoneka wamphumphu, koma patapita masiku owerengeka atembenuka m'ngalande kapena aduka.

Kulunjika kwa mapule

Asanakunge malamba, mmisiri aona ngati mapule ayang'anana bwino. Atenga cingwe copyapyala, kapena citsulo coongoka, nacigoneka pa nkhope za mapule onse awiri. Ciyenera kukhudza malo anai, m'mphepete muwiri mwa pule yaikuru ndi muwiri mwa yaing'ono, ngati milomo ya mapule iri yolingana kucindikira kwake. Pakatsala mpata, ndiye kuti mota yapendeka, kapena pule yalowa kwambiri pa shafuti. Malamba oyenda pa mapule osalunjika adyeka mbali imodzi, ndipo fumbi lakuda liunjikana pansi pao.

Malamba anai onse akhale atsopano, a wopanga mmodzi ndi a nambala imodzi. Lamba wakale watambasuka kale, ndipo akaikidwa pamodzi ndi watsopano, watsopanoyo asenza katundu yekha nafa msanga. Mmodzi akaduka, onse asinthidwe.

Muyeso wa kukunga

Anthu ambiri ayesa lamba pomdinikiza ndi cala cacikuru, koma zala za anthu sizilingana mphamvu. Njira yotsimikizika ifuna rula, citsulo coongoka, ndi sikelo ya mbedza yonga yoyesera nyama kapena thonje. Coyamba, magetsi azimitsidwe pa swici yaikuru, ndipo pasakhale munthu wina wokhoza kuyatsa. Pamenepo mmisiri ayesa mbali yoongoka ya lamba, kucokera pamene asiyana ndi pule yina kufika pamene akhudza inzake. Pa cigayo ici ndi mamilimita 700.

Lamulo ndi lakuti lamba akankhidwe pakati pa mbaliyo kufikira atapindika mamilimita 16 pa mita iriyonse ya utali wa mbaliyo. Apa 16 kuculukitsa ndi 0.7 ndi mamilimita 11. Citsulo coongoka cigonekedwa pa msana wa lamba kucokera pule kufika pule, mbedza ya sikelo ikoledwa pakati pa lamba mmodzi, ndipo akokedwa molunjika m'kati kufikira mpata wa pakati pa citsulo ndi lamba utakwana 11. Pamenepo sikelo iwerengedwa. Pa lamba wa B woyenda pa pule ya mamilimita 125 kufika 200, iyenera kuonetsa makilogalamu awiri kufika atatu. Ikaonetsa ocepera awiri lamba ali wokhwefuka, ndipo mota isunthidwe m'mbuyo. Ikaposa atatu wakungika kopambana. Ngati wopanga lamba wapereka ziwerengero zake, zimenezo ndizo zitsatidwe.

Malamba atsopano akungidwa kufika pa makilogalamu atatu, cifukwa m'maora oyamba akhazikika m'ngalande nakhwefuka msanga. Cigayo citagaya ora limodzi ayesedwenso, ndi kuyesedwanso litatha tsiku lathunthu la nchito. Pambuyo pake kamodzi pa mwezi nkokwanira. Pokunga, mabauti a njanji zonse ziwiri apotedwe molingana kuti mota isapendeke, ndipo cingwe ciyesedwenso potsiriza.

Zizindikiro za colakwa

Lamba wokhwefuka adziwika ndi kulira kwake pamene mota iyamba, kapena pamene cimanga cithiridwa cambiri. Cigayo cikaima, pule iri yotentha kosakhoza kuigwira, pamveka pfungo la mphira wopsa, ndipo nthiti za lamba zisanduka zosalala ndi zonyezimira. Lamba wofika potere waumadi, ndipo sagwiranso bwino ngakhale akungidwe. Lamba wokungika kopambana salira konse, ndico cifukwa cake anyenga. Cizindikiro cake ciri pa maberingi, makamaka a mbali ya pule, amene atentha, nataya girizi, nayamba kulira asanakwane masiku ao. Beringi ndi shafuti ziposa lamba mtengo wake, cotero kukunga koyenera ndi kuja kocepa kumene kuletsa lamba kuterereka pa katundu wolemera.

Pali nthawi yina pamene lamba aterereka ngakhale sikelo ionetsa muyeso woyenera. Pamenepo ayang'ane ngalande. Lamba wa V agwira ndi nthiti zake ziwiri, monga mphero yolowa m'mtengo, ndipo mimba yake siyenera kukhudza pansi pa ngalande. Fumbi la cigayo lidya nthiti za ngalande pang'onopang'ono, lamba namira. Ngati pansi pa ngalande panyezimira, kapena msana wa lamba watsika kwambiri pansi pa mlomo wa pule, pule imeneyo yatha ndipo ifunika yina. Kupaka phula, utomoni kapena oilo pa lamba sikuthandiza, koma kuononga mphira ndi kukoka fumbi.

Potsiriza, malamba akhale ndi cochinga ca waya kapena ca citsulo cokhala ndi mipata yopitira mphepo. Lamba wothamanga mamita 24 pa sekondi akagwira nsonga ya citenje kapena dzanja la mwana, palibe nthawi yozimitsa mota. Cigayo cisayatsidwe cochingaco cisanabwezeredwe pamalo pake.

Funso loyesera

Makina otongola cimanga afunika kuzungulira 600 pa mphindi. Mota yake ndi ya 1,440, yokhala ndi pule ya mamilimita 125, ndipo mtunda wa pakati pa mashafuti ndi mamilimita 600. Kodi pule ya makina ikhale yotani, lamba akhale wa utali wanji, ndipo apindike mamilimita angati poyesa kukunga?

Yankho lake ndi ili. Pule ya makina ndi 125 kuculukitsa ndi 1,440, kugawa ndi 600, ndiyo mamilimita 300. Apa pule yaikuru iri pa makina, popeza makina ayenera kucedwa koposa mota. Utali wa lamba ndi 1,200 kuphatikiza 667 kuphatikiza 13, ndiwo mamilimita 1,880. Kupindika kwake ndi 16 kuculukitsa ndi 0.6, pafupi ndi mamilimita 10.

Mwini cigayo acita bwino kulemba pa khoma, pafupi ndi swici, liwiro la mota, liwiro la cigayo, kukula kwa mapule awiri, nambala ya lamba, ndi muyeso wa kupindika kwake. Tsiku limene mota idzapsa kapena lamba adzaduka, wotumidwa kutauni adzapita ndi ziwerengero zimenezi m'thumba, nadzabwera ndi cinthu coyenera pa ulendo umodzi.